Akakufunsani "muli bwanji" inu zinthu zisali bwino, muyankhe bwanji osanama

Chaka chatha mayi anga anagonekedwa kuchipatala masabata atatu, ine ndi amene ndinali gadiyani wa usiku, mmawa ndimachoka ku wodi kukasamba kenako kuntchito. Masiku amenewo ndi pamene ndinayamba kuwerenga kuti kodi patsiku ndimafunsidwa kangati kuti muli bwanji, ndipo tsiku lina ndinafika 14 dzuwa lisanalowe, kuyambira alonda apageti, mayi ogulitsa mandasi, anzanga a muofesi, ma meseji apafoni, mpaka amalume amene anaimba madzulo. Onsewo ndinawayankha kuti ndili bwino kaya inu. Usiku nditakhala pa mkeka pafupi ndi bedi la mayi zinandipweteka, ndinamva ngati ndanama ka 14, komanso ndinamva ngati palibe olo mmodzi amene amafunadi kudziwa. Patapita nthawi ndinazindikira kuti zonse ziwirizi sizinali zoona kwenikweni, nde ndikufuna ndikufotokozereni zimene ndinaphunzira mwatsatanetsatane, kuti nanunso zikakugwerani mudziwe poyambira.

Choyamba, mvetsani kuti moni ndi odi

Munthu akafika pakhomo panu amati odi, sanena kaye chimene wabwerera. Inu mumati lowani kapena fikani, mumamupatsa mpando kapena kumuyalira mphasa, akakhala pansi ndi pamene mumamulonjera, ndipo olo atabwera ndi uthenga wa maliro amayamba wayankha kaye moni, kenako mukafunsa kuti nkwabwino ndi pamene amati ayi sikwabwino. Tonse tinakula tikuziona zimenezi koma timaziiwala tikakhala mtauni. "Muli bwanji" wapanjira ndi odi ameneyo. Wofunsayo akunena kuti ndakuonani, ndinu munthu, pakati pa ine ndi inu palibe chifukwa. Mukafuna kuona kulemera kwake, ganizirani mmene zimakhalira neba wanu akakudutsani osapereka moni, tsiku lonse mumakhala mukuzifunsa kuti kodi ndamulakwira chani.

Nde munthu amene wakupatsani moni nkumapitirira osaima si kuti alibe chikondi. Wachita mbali yake ya mwambo, ndipo mwambowo ndi waufupi dala kuti aliyense athe kuupereka kwa aliyense, wolemera ndi wosauka, wachibale ndi wachilendo, popanda wina kukakamizidwa kuulula za mnyumba mwake pamsewu. Tangoganizani kukanakhala kuti aliyense wofunsa muli bwanji akuyenera kumva zonse, bwenzi anthu akuopa kupatsana moni.

Akatswiri ena anazilemba kale izi. Bronislaw Malinowski, wa ku Poland amene anakhala nthawi yaitali pa zilumba za Trobriand kufupi ndi New Guinea, analemba mu 1923 kuti pali mayankhulidwe ena amene ntchito yake si kupereka nkhani ayi koma kungolumikiza anthu, ndipo moni ali mgulu limenelo. Wina wa ku America, Harvey Sacks, mu nkhani yake imene inatuluka mu 1975 anaunika funso lomweli mChingerezi nkuona kuti mayankho ake amagwa mmagulu atatu. Pali yankho lapakatikati ngati ndili bwino, limeneli limatseka nkhani ndipo anthu amapitirira ku zina. Pali loti zinthu zaipa, ndi loti zinthu zakoma kwambiri, awiriwa amamukakamiza wofunsa uja kufunsanso kuti chachitika ndi chani. Mfundo imeneyi ndi imene inandithandiza kwambiri, chifukwa ikutanthauza kuti mukamayankha moni simukungofotokoza mmene mulili, mukusankhanso ngati mutsegule chitseko kapena ayi, komanso mukumusenzetsa mnzanuyo udindo wofunsa zambiri kapena kumumasula.

Chachiwiri, siyanitsani moni ndi funso lenileni

Apa ndi pamene ambiri timasokoneza. Mawu akhoza kukhala omwewo koma wina akupereka moni wina akufunsadi, nde musanayankhe onani zinthu zitatu, miyendo yake, mawu amene wasankha, ndi ngati wabwereza.

Miyendo imanena zambiri. Munthu amene akuti muli bwanji uku akuyenda, kapena ali pa njinga, kapena maso ali pa ndalama akubweza chenji, ameneyo ndi moni basi. Amene waima, watembenuka thupi lonse, mwina wagwira dzanja lanu osalisiya msanga, ameneyo ali ndi mpata. Amene wakhala pansi ndiye kuti wakupatsani nthawi yake.

Mawu nawo amasiyana. Mwadzuka bwanji, mwaswera bwanji, muli bwanji, zikuyenda, bho bho, amenewa ndi a tsiku ndi tsiku. Koma munthu akati mukupeza bwanji, kapena mthupi mukumva bwanji, kapena amayi agona bwanji, ameneyo wamva kale kuti pali matenda ndipo akufuna yankho lenileni. Akati kwagwanji kapena nkwabwino, waona china chake pankhope panu kapena wadabwa ndi nthawi imene mwabwerera. Kumuyankha ameneyu kuti bwinobwino ngati wapanjira ndi kumukankha.

Ndipo chizindikiro chachikulu ndi kubwereza. Mwayankha kale kuti ndili bwino, iye nkunena kuti ayi koma zoona muli bwino inu, simukuoneka bwinotu. Funso lachiwirili si mwambonso, limeneli ndi lake la mumtima. Ine pa anthu 14 aja nditakhala pansi nkuganiza ndinapeza kuti awiri anabwereza, mayi wina wa muofesi yathu ndi amalume, ndipo onse awiri ndinawatsekera chitseko ndekha. Nde kudandaula kwanga koti palibe amene amafuna kudziwa kunali kolakwika, analipo koma ine ndimayankha onse mofanana.

Kuchipatala izi zimaoneka bwino kwambiri. Munthu walowa mchipinda cha adokotala akubuula, adokotala akuti muli bwanji, iye akuti ndili bwino kaya inu adokotala. Palibe amene amati wanama. Kenako adokotala akuti chavuta ndi chani, ndi pamene amayamba kufotokoza za mutu ndi kuphwanya mthupi. Mafunso awiri, ntchito ziwiri, ndipo tonse timadziwa kusiyana kwake popanda wotiphunzitsa.

Chachitatu, sankhani yankho lalifupi limene lili loona

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti pali njira ziwiri zokha, kunama kuti ndili bwino kapena kukhuthula zonse. Chichewa chathu chili ndi masitepe ambiri pakati pa ziwirizi ndipo makolo athu amawagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ife tangowasiya.

Sitepe yapansi kwambiri ndi kuyankha ndi mneni yekha osaikapo bwino. Akati mwadzuka bwanji inu nkuti ndadzuka, kaya inu. Akati mwaswera bwanji inu nkuti ndaswera. Akati muli bwanji inu nkuti ndilipo kapena tilipo. Palibe bodza mmenemo, mwadzukadi, mulipodi, ndipo mwambo wakwanira. Wapanjira samva kusiyana ndipo amapitirira ali wokhutira, koma munthu amene amakudziwani ndipo ali ndi khutu amamva kuti bwino uja sanatuluke. Ine ili ndi limene ndinayamba kugwiritsa ntchito kwa alonda ndi kwa mayi a mandasi sabata yachiwiri, ndipo mtima unayamba kupepuka chifukwa sindimamvanso ngati ndikuvala nkhope ya wina.

Sitepe yachiwiri ndi mawu oonetsa kuti zinthu zili pakatikati. Choncho, pang'ono, ndadzuka pang'ono, tikuyesera, pang'onopang'ono, tikulimba, bola lero. Awa amatsegula chitseko pang'ono chabe, ngati kungochotsa loko osachikankha. Wofunsa ali ndi ufulu wosankha, akhoza kunena kuti pepani limbani mtima nkumapita, kapena akhoza kuima nkufunsa kuti bwanji kodi. Ubwino wake ndi umenewo, simunamukakamize. Bola lero ndi labwino kwambiri kwa munthu amene akudziwa kale kuti dzulo zinali zovuta, chifukwa limamuuza kuti zasinthako popanda kubwereza nkhani yonse. Chenjerani ndi pang'ono, kwa akuluakulu makamaka kumudzi mukati ndadzuka pang'ono amamva kuti mukudwala mthupi ndipo afunsa kuti chikupweteka ndi chani, nde ngati vuto lanu ndi la ndalama kapena la mbanja ndipo simukufuna kulitchula, tikuyesera kapena tilipo ndi amene angakuthandizeni.

Sitepe yachitatu ndi kutchula vutolo mchiganizo chimodzi, chimodzi chokha, nkuima. Ine ndili bwino koma mayi ndi amene ali kuchipatala. Tadzuka koma mwana sanagone ndi malungo. Tilipo, kungoti ntchito ija inatha mwezi watha. Kayankhidwe kameneka ka "ine ndadzuka koma uje" ndi kathu kenikeni, kumudzi moni amayankha chonchi, amayamba ndi iwo eni kenako nkutchula wa pakhomo amene sanadzuke bwino. Mukatero mwanena zoona, mwapereka mutu wa nkhani, koma tsatanetsatane mwamusunga. Chinsinsi chake ndi kuima mukamaliza chiganizocho. Musapitirize kuti ndiye adokotala anati, ndiye mankhwala ake, ndiye achimwene sakutumiza ndalama. Imani, muone nkhope yake. Akafunsa kuti ayamba liti, yankhani limenelo. Akati pepani kwambiri tiwapempherera, landirani ndi zikomo, nkhani yathera pomwepo ndipo palibe amene wachita manyazi.

Sitepe yomaliza ndi kunena mosabisa kuti sindili bwino, ndipo imeneyi ndi ya anthu ochepa, ndibweranso kwa iyo.

Mwina wina afunsa kuti nanga ndili bwino weniweniyo ndi bodza? Ine ndimaona kuti si bodza ukamuuza munthu wapanjira, chifukwa nonse awiri mukudziwa kuti ndi mwambo, ndipo tanthauzo lake pamenepo ndi loti palibe chimene ndikufuna kuti muchitepo panopa. Limasanduka bodza pamene munthu wafunsadi, wabwereza, ali ndi udindo pa inu, ndipo inu mukufuna akhulupirire kuti zonse zili mchimake. Nde ngati ndili bwino sakukuvutani mumtima pitirizani kumugwiritsa ntchito pamsewu, masitepe enawa ndi a nthawi imene mawuwo akukukanirani pakhosi.

Chachinayi, musaiwale kaya inu

Ichi ndi chachifupi koma anthu amene ali pamavuto amachiiwala kwambiri. Mulimonse mmene mwayankhira, bwezani moni. Kaya inu, kaya anzathu, kaya kunyumba. Kwa akulu ndi inu nthawi zonse, kaya iwe ndi wa mwana kapena mnzanu wapamtima. Kubweza moni kumachita zinthu ziwiri, kumaonetsa kuti mavuto anu sanakuiwalitseni kuti nayenso ndi munthu, komanso kumamupatsa njira yotulukira ngati alibe mpata. Mukati tikuyesera, kaya inu, iye akhoza kuyankha za iye nkupitirira mwaulemu. Mukangoti tikuyesera nkukhala chete mukumuyang'ana, mwamutsekera pakona.

Chachisanu, yezani munthu, malo ndi nthawi

Tiyeni ndikuonetseni mmene ndinayankhira tsiku limodzi sabata yachitatu, nditaphunzira, kuti muone masitepe aja akugwira ntchito.

Mmawa cha mma 6 ndikutuluka pageti la chipatala, alonda akuti mwadzuka bwanji achimwene. Ndinati tadzuka bambo, kaya inu. Basi. Iwo amaona magadiyani ambirimbiri tsiku lililonse, akudziwa kale kuti wotuluka pageti limenelo mmawa sanagone bwino, sipafunika kuwauza.

Mu minibasi ndinakumana ndi mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, tinali tisanaonane zaka. Aise zikuyenda? Apa panali povuta chifukwa ndi munthu amene ndimamukonda, koma tinali mu minibasi yodzaza, anthu anayi pampando, kondakitala akukuwa, ndipo iye amatsika patsogolo pang'ono. Ndinati pang'onopang'ono aise, masteni akudwala koma ndikuimbira tikambe bwino, nambala ndi yomwe ija? Malo ngati amenewa musatchule dzina la matenda kapena za ndalama, makutu ndi ambiri ndipo nkhaniyo si yanu nokha, ndi ya wodwalayo. Ichi ndichinene motsindika, kunena zoona za inu sikukupatsani ufulu woulula matenda a munthu wina, kapena zimene mwakangana ndi akazi anu kapena amuna anu. Mukhoza kunena kuti kunyumba sikuli bwino kwenikweni osamuvula wina pagulu.

Kuntchito abwana anandipeza pakhonde, muli bwanji. Kwa abwana yankho loona ndi limene likukhudza ntchito. Ndinati ndilipo bwana, kungoti mayi anga ali kuchipatala ndipo ndikugona komweko, ndimafuna ndikuoneni nthawi ina lero za maola anga. Anati bwerani 10 koloko. Onani kuti sindinayambe kupempha tchuthi pakhonde pomwepo, moni ndinaugwiritsa ntchito kupempha nthawi yokamba, nkhani yeniyeni inakambidwa titakhala pansi. Mukabisa kotheratu kwa munthu ngati ameneyu nkumati bwinobwino tsiku lililonse, tsiku limene mudzagone pa desiki kapena kulakwitsa ma figala adzadabwa, ndipo adzakhala ndi chifukwa chonena kuti bwanji simunanene.

Masana mayi uja wa muofesi amene ndinamukankha sabata yoyamba anafunsanso, koma inu mukuonda, zoona muli bwino? Ulendo uno ndinati ayi mayi sindili bwino, ndatopa ndipo ndikuopa. Anakoka mpando. Tinakamba mwina mphindi 15, sanandipatse malangizo ambiri, anangomvetsera nkundiuza kuti nawonso anadwazikapo bambo awo. Mawa lake anabwera ndi phala mu fulasiki loti ndipititse ku wodi.

Madzulo amalume anaimba. Ndi akulu, nde moni unayenda mwa dongosolo lake, mwaswera bwanji, taswera kaya inu amalume, kunyumba ali bwanji, ana ali bwanji, mvula ikugwa kumeneko. Kwa akuluakulu musadumphe zimenezi olo mtima ukuthamanga, dikirani afike pa funso lenileni, amafikapo ndithu. Atati nanga achemwali anga agona bwanji, ndi pamene ndinafotokoza zonse, zimene adokotala ananena, ndalama zimene zatha, ndi kuti ndekha sindikwanitsa usiku uliwonse. Anatumiza mwana wawo wamkazi kudzandilandira masiku atatu pasabata. Akanatha kubwera kale sabata yoyamba ndikanayankha funso lawo lachiwiri lija.

Chachisanu ndi chimodzi, ngati mukufunadi kukamba, pemphani nthawi

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri, ndipo ndinachichitapo, ndi kudikira moni kuti ukhale mpata wokhuthulira. Munthu wasunga zinthu mumtima mwezi wonse, nde wina wosalakwa akungoti muli bwanji pa shopu, iye nkuyamba zonse kuyambira pachiyambi. Mudziwa kuti zalakwika mukaona mnzanuyo akuyang'ana foni kapena msewu, akuti eya eya mofulumira, phazi limodzi laloza kale kumene amapita, kapena akubwereza pepani kachitatu popanda kufunsa funso lililonse. Mukaona zimenezi musakwiye naye ndipo musadzione ngati wopusa, ingofupikitsani, nenani kuti ndisakuchedwetseni tidzakamba bwino, zikomo pondimvera. Mwateteza ulemu wanu ndi wake.

Njira yabwino ndi kusankha munthu mmodzi kapena awiri nkuwapempha poyera. Ndili ndi nkhani ikundivuta, muli ndi mpata liti? Kapena, ndikufuna ndikupezeni kunyumba Loweruka, pali zimene ndikufuna mundimvere. Mukatero munthuyo amabwera atakonzeka, wakhala pansi, ndipo mumalandira khutu lake lonse osati theka. Awa ndi malonje amene makolo amachita, mlendo amayamba wapuma, wamwa madzi, kenako nkufotokoza za ulendo wake bwinobwino popanda womudula.

Posankha munthuyo musangoona amene amakusekererani kwambiri. Ali dere nkulinga utayenda naye. Ganizirani amene anakusungiranipo chinsinsi, amene sakubweretserani nkhani za anthu ena, chifukwa wobweretsa za ena amatenganso zanu. Ndipo muuzeni chimene mukufuna, kaya ndi kungomvetsera, kaya ndi nzeru, kaya ndi thandizo la manja, chifukwa anthu ambiri akamva vuto amaganiza msanga kuti mukupempha ndalama nde amayamba kuzitchinjiriza. Kungonena kuti sindikupempha kanthu ndikungofuna ndipepukidwe kumamasula munthu kuti amvetsere.

Pali malire amene ndikufuna muwadziwe. Ngati kusakhala bwino kwanu kwafika poti simukugona masiku ambiri, simukudya, kapena mukuganiza zodzipweteka kapena kudzipha, apa za masitepe ndi kuyeza malo zisiyeni. Uzani munthu wapafupi lero lomwe ndi mawu omveka, ndipo pitani kuchipatala mukanene chimodzimodzi kwa adokotala kapena anamwino akafunsa kuti chavuta ndi chani. Akuluakulu amati ukabisa matenda maliro tidzamva, ndipo matenda a maganizo ali mgulu lomwelo. Amuna makamaka timabisala kuseri kwa bho bho ndi shapu shapu nthawi yaitali kwambiri.

Za pafoni

Pa WhatsApp zimavutirapo chifukwa miyendo ndi nkhope simukuziona. Munthu amalemba muli bwanji nkukhala chete, inu osadziwa ngati ndi moni chabe, kapena akufuna kupempha kanthu, kapena wamva za vuto lanu. Langizo langa ndi loti yankhani sitepe yoyamba kapena yachiwiri, tilipo kaya kumeneko, nkudikira meseji yachiwiri chifukwa ndi imene imanyamula chimene wabwerera. Musalembe ndime zisanu kapena kutumiza voisi ya mphindi 7 kwa munthu amene wangoti bho. Zolemba zimakhala, zimatha kutumizidwa kwa ena, nde nkhani yolemera ndi bwino kunena kuti ndiimbireni mukapeza mpata, kapena ndikuimbirani madzulo. Mu gulupu ya banja kapena ya mpingo ndiye chiganizo chimodzi chokha, zambiri ku inibokosi ya amene wafunsa.

Abale athu amene ali ku Joni kapena ku Mangalande ali ndi vuto lina pamwamba pa limeneli. Akaimba kumudzi nkufunsidwa muli bwanji amati tili bwino chifukwa safuna kudandaulitsa makolo, komanso amadziwa kuti anthu akuyembekezera kuti kunja zinthu zikuyenda. Zaka zimatha choncho munthu akuvutika yekha. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, sitepe yachitatu ija ikhoza kukuthandizani, tilipo koma mwezi uno ntchito yavuta, chiganizo chimodzi choona chimene sichiwaopseza koma chikuwauza mmene zinthu zilili. Komanso dziwani kuti moni wa azungu a ku Mangalande ndi waufupi kuposa wathu, amatha kukufunsa ngati uli bwino ali mkati moyenda osadikira nkomwe yankho, ndipo safunsa za kunyumba ndi ana ngati ife. Poyamba zimaoneka ngati mwano koma ndi odi wawo, ingobwezani mwachidule momwemo.

Mukakhala inu wofunsa

Mukadutsa mu zimenezi khutu lanu limasintha. Mumayamba kumva pamene mnzanu wati ndilipo mmalo mwa ndili bwino, kapena wati choncho nkuyang'ana pansi. Mukamva zimenezo ndipo muli ndi mpata, imani, funsani kachiwiri ndi mawu ena, mwati choncho, kwagwanji? Akati ayi palibe, musamukakamize, ingonenani kuti mukafuna kukamba ndilipo, ndipo patapita masiku awiri atatu mufunseninso. Ngati mulibe mpata nenani zoona, ndikuthamangira basi koma ndamva, ndikuimbirani madzulo, ndipo madzulowo imbanidi chifukwa lonjezo limeneli likaphonyeka munthu uja sadzatsegulanso.

Kwa munthu amene mukudziwa kale kuti waferedwa kapena akudwazika, muli bwanji wamba amamuika pamalo ovuta, chifukwa ayankha bwanji. Pa maliro timangogwirana chanza nkuti pepani, ndipo masabata otsatira ndi bwino kufunsa funso laling'ono limene angathe kuliyankha moona, ngati mwagonako usiku wathawu, mwadyako kanthu lero, kapena amayi lero akupezako bwanji. Mayi uja wa muofesi mpaka pano akandiona safunsa kuti muli bwanji, amati amayi akuyenda tsopano? Ndipo ndimawayankha mmene zilili tsiku limenelo, kuti akuyenda ndi ndodo mpaka pa mpopi koma masitepe a pakhonde akuwavutabe.